Mabodi a makampani a boma: lamulo la pafoni limaumitsa bwanji mpopi?

Funso: Ine ndimakhala ku Zolozolo kuno ku Mzuzu, ndimagulitsa zakudya pafupi ndi depoti. Boma likangosintha timamva pa wailesi kuti mabodi a makampani a boma athetsedwa, aika anthu atsopano. Koma ife madzi ndi magetsi tikuvutika nazo chimodzimodzi. Kodi anthu a m'mabodiwa amagwira ntchito yanji? Nanga ngati andale ndiwo amasokoneza, bwanji osangogulitsa makampani onsewa kwa anthu abizinesi?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi la kugulitsali, chifukwa yankho lake lili pakhomo panu pomwepo. Madzi amene amafika m'mipopi ya mu Mzuzu ambiri amachokera ku damu la Lunyangwa. Kuti afike kwa inu pamafunika damu, malo osefera ndi kuthira mankhwala, mapampu, mathanki a pamapiri, ndi mapaipi oyenda pansi pa misewu yonse. Palibe wabizinesi wachiwiri amene angakumbe misewu yomweyo kuti ayale mapaipi ake n'kumapikisana ndi woyamba. Ndalama zake n'zambiri ndipo zimabwerera patapita zaka makumi angapo. Choncho wogulitsa madzi a m'mipopi m'tauni amakhala mmodzi basi, kaya ndi boma kaya ndi munthu. Inu pa depotipo mukakweza mtengo wa nsima, kasitomala amangosuntha mapazi atatu n'kukadya kwa mnzanu. Wamadzi akakweza, mulibe kothawira koma chitsime kapena mtsinje. Ichi ndicho chifukwa choyamba chimene boma limasungira ntchito ngati madzi ndi mawaya a magetsi.

Chachiwiri n'chakuti pali malo amene phindu kulibe koma anthu alipo. Bungwe la madzi la chigawo chino, limene ambiri timangoti Wotabodi, linakhazikitsidwa motsatira lamulo la madzi la 1995, ndipo ndi limodzi mwa mabungwe asanu otere m'dziko muno. Ntchito yake sithera mu Mzuzu mokha, imafika ku Karonga, Nkhata Bay, Rumphi, Mzimba mpaka ku Chitipa. Tauni yaing'ono ya makasitomala ochepa siingadzilipirire yokha pampu, mankhwala ndi antchito, ndiye ndalama za tauni yaikulu zimanyamula yaing'onoyo. Wabizinesi amene akufuna phindu lokha angatenge Mzuzu n'kusiya enawo. ADMARC nayo inayamba mu 1971 ndi ganizo lofanana: mlimi wa kutali akhale ndi pogulitsa mbewu, ndipo pa nthawi ya njala pakhale pogula chimanga pa mtengo wofikirika.

Sikuti kampani iliyonse ya boma ili ndi chifukwa cholimba chotere, ayi. Kuyambira 1996 boma linagulitsa kapena kubwereketsa makampani ambiri, ndipo ena panalibe chowasungira. Chitsanzo chapafupi ndi khofi. Bungwe la boma limene linkayang'anira alimi ang'onoang'ono a khofi kuno kumpoto linathetsedwa mu 1999, ntchito inapita m'manja mwa alimi eni, ndipo pofika 2007 inali mgwirizano wa makopaletivi umene lero umagulitsa khofi wodziwika ndi dzina la mzinda uno. Khofi ali ndi ogula ambiri ndi olima ambiri, safuna mwini mmodzi. Madzi ndi nkhani ina. Mukagulitsa Wotabodi mawa, mudzafunikabe ofesi ya boma yoti iziletsa mwini watsopanoyo kukweza mtengo mwachisawawa, ndipo ofesi imeneyonso idzakhala ndi bodi yosankhidwa ndi andale omwewo. Vutolo limangosamuka nyumba. N'chifukwa chake ndikufuna tikhazikike pa bodi.

Mawu akuti bodi amasokoneza pang'ono chifukwa ali m'dzina la Wotabodi lomwe. Bodi imene ndikunena ndi kagulu ka anthu, kawirikawiri osapitirira khumi ndi angapo, kamene kamakhala pakati pa mwini kampani ndi oyendetsa kampani. Mwini ndi boma, m'malo mwa inu ndi ine. Oyendetsa ndi bwana wamkulu ndi madairekitala ake a zachuma, za ntchito zamanja, ndi za antchito. M'bodimo mumakhala tcheyamani, mamembala osankhidwa, ndi akuluakulu a boma amene amalowamo chifukwa cha mipando yawo: wa ku Unduna wa Zachuma, wa ku unduna umene kampaniyo ili pansi pake, ndi mkulu wa nthambi yoyang'anira mabungwe a boma. Anthuwa sapita kuntchito tsiku ndi tsiku. Mwa nthawi zonse amakumana kamodzi pa miyezi itatu, ndipo asanakumane onse, makomiti awo ang'onoang'ono amakhala atayamba aona mapepala: komiti ya zachuma ndi kufufuza mabuku, komiti ya ntchito zamanja, komiti ya kulemba ndi kulanga antchito.

Ntchito yawo yeniyeni ndi yochepa koma yolemera. Amavomereza bajeti ndi mapulani a chaka. Amafunafuna bwana wamkulu, kumuyesa chaka chilichonse, ndi kumuchotsa akalephera. Amaonetsetsa kuti mabuku a ndalama afufuzidwa ndi maodita akunja kwa kampani pa nthawi yake. Amavomereza ngongole zazikulu ndi pempho lokweza mitengo lisanapite kwa ololeza. Ntchito imene si yawo ndi kusankha amene apate tenda, kulemba madalaivala ndi makalaliki, kapena kulamula kuti paipi iyambe yapita kudera lakuti. Membala wa bodi akayamba kuimbira foni ofesi yogula katundu, walowa kale m'munda wa eni.

Tsono boma kusankha bodi si kulowerera. Mwini aliyense amasankha omuyang'anirira chuma chake, ndipo boma losankhidwa ndi anthu lili ndi ufulu wonena kuti tikufuna madzi afike ku madera osauka kapena mtengo usakwere chaka chino. Kulowerera kumene kumapha kampani kuli ndi zizindikiro ziwiri: lamulolo silinalembedwe, ndipo silinabwere ndi ndalama zake. Limabwera pafoni madzulo. Amene walandira amangouza anzake kuti zachokera kumwamba. Likabala mavuto, m'mafailo mulibe dzina la wolamulayo, muli siginecha ya amene anamvera.

Tiyeni tione mmene lamulo lotere limayendera mpaka kufika pa mpopi. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino, si a bungwe lina lililonse. Tinene kuti kampani ya madzi yatumiza mabilu okwana K100 pa mwezi. Mwa ndalama imeneyo K30 ndi ya malipiro a antchito, K25 ndi ya magetsi oyendetsera mapampu, K10 ndi ya mankhwala, kolorini wopha tizilombo ndi alamu wodikhitsa matope, K15 ndi yokonzera mapaipi, mapampu ndi mamita, ndipo K15 ndi yobwezera ngongole imene anamangira mathanki ndi mapaipi akuluakulu. Zonse pamodzi ndi K95. Yotsala ndi K5, ndiyo yoti ifikitse madzi ku malo atsopano kumene anthu akumanga.

Choyamba kusokonekera ndi kutolera. Tinene kuti K20 mwa mabiluwo ndi ya maofesi a boma lomwelo: zipatala, sukulu zogonera komweko, ndende, malo a asilikali ndi apolisi. Awa amagwiritsa madzi ambiri, ndipo nkhani yakuti maofesi a boma amachedwa kulipira madzi ndi magetsi ndi yodziwika m'dziko muno. Akalipira theka lokha, kampani yatolera K90 pamene ikufunika K95. Inu mukapanda kulipira miyezi ingapo amabwera kudzadula. Bwana wamkulu akafuna kuchita chimodzimodzi ku ofesi ya boma, foni imalira, ndipo wolumikiza amabwereranso tsiku lomwelo popanda ndi tambala yomwe yalipidwa. Kudula madzi kuchipatala n'kosayenera, zimenezo palibe angatsutse. Koma bodi yolimba siilekera pomwepo. Imalemba kalata ku Unduna wa Zachuma kuti ndalama ya madzi izidulidwa kumeneko isanapite ku unduna wangongolewo, kapena kuti maofesi amene si a odwala aikiridwe mamita olipiriratu. Bodi yofooka imangoti tamva, n'kupita pa mfundo yotsatira ya ajenda. Taonani kuti pa tebulo lomwelo pakhala woimira Unduna wa Zachuma, kutanthauza kuti wangongole ndi wokongoza akhalira limodzi. Ngati pali malo amene nkhaniyi ingathe, ndi pamenepo.

Chachiwiri ndi kugwa kwa kwacha. Izi zinachitikadi: mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kapena kuyandikira apo. Pa chitsanzo chathu chija, mankhwala a K10 amachokera kunja. Pa K15 yokonzera, tinene K8 ndi ya zipangizo zakunja. Ngongole ya K15 nayo inatengedwa m'ndalama zakunja. Zitatuzi ndi K33, ndipo zikakwera ndi 44 peresenti zimawonjezera pafupifupi K15. Tsopano kampani ikufunika K110 pamene ikutolera K90. Dzenje ndi K20 mwezi uliwonse, ndipo sitinawerengere kuti magetsi ndi mafuta nazo zikwera posachedwa.

Apa oyendetsa kampani amawerengera mtengo watsopano wa madzi n'kupita nawo ku bodi. Bodi ikavomereza, pempho limapita ku unduna, chifukwa mitengo ya madzi siikwera popanda chilolezo cha boma. Ngati chisankho chayandikira, pempholo limagona m'kabati. Nthawi zina silifika n'komwe, chifukwa tcheyamani wauzidwa kale kuti asaliike pa ajenda. Ine sindikuona cholakwika kuti boma likane kukweza madzi pofuna kuteteza anthu ovutika. Cholakwika n'kukana pakamwa. Njira yoyenera ili ndi masitepe atatu: nduna ilembe kalata kuti mtengo usakwere mpaka mwezi wakuti, kampani iwerengere kuti chiganizocho chikuitayitsa ndalama zingati, ndalamazo ziikidwe mu bajeti ya dziko kuti aphungu azione ndi kuzivomereza. Zikatero aliyense akudziwa kuti madzi otsika mtengowo akulipiridwa ndi msonkho. Zikapanda kutero, amalipirabe, koma amalipira ndi mapaipi.

Ndikutero chifukwa bwana wa zachuma amene ali ndi dzenje la K20 alibe zosankha zambiri. Malipiro sangadule, antchito anyanyala. Mankhwala sangasiye, kolera ibuka. Choyamba kudulidwa ndi K15 yokonzera ija, chifukwa paipi siidandaula mwezi woyamba. Pamalo opopera madzi pamayenera kukhala mapampu awiri, imodzi ikugwira ntchito, ina ikudikira. Yodikirayo ikawonongeka amangoisiya, mwinanso kuchotsamo zitsulo n'kukonzera inzake. Tsiku limene yotsalayo idzapse, dera lonse likhala masiku opanda madzi uku akufunafuna ndalama zakunja zogulira ina. Paipi yophulika m'mbali mwa msewu, imene imayenera kukonzedwa tsiku lomwelo, imatha sabata ikuthira madzi m'ngalande chifukwa galimoto ilibe mafuta kapena kusitolo kulibe zolumikizira za saizi yake. Mamita okalamba amawerenga mochepera ndipo sasinthidwa. Madzi amene asefedwa, athiridwa mankhwala, apopedwa ndi magetsi, koma sanalipiridwe ndi aliyense, m'matauni ambiri a kuno amayandikira limodzi mwa magawo atatu a madzi onse, ndipo kukonza kukaima gawoli limakula. Ndiye kuti kampani ikulipira magetsi ndi kolorini wa madzi othirira udzu.

Mzuzu ndi wa zitunda ndi zigwa, choncho zotsatira zake sizigwera onse mofanana. Madzi akamatayika m'njira mphamvu yake m'paipi imachepa, thanki siidzaza, ndipo oyamba kuuma ndi a pamtunda ndi a kumapeto kwa paipi. Mpopi umayamba kutulutsa madzi pakati pa usiku pokha, pamene a kumunsi atseka yawo. Mukatsegula m'mawa umangopuma mpweya, kenako kadontho kofiirira. Paipi yopanda madzi imayamwanso zonyansa za m'nthaka kudzera m'ming'alu yomwe ija, n'chifukwa chake madzi obwera pambuyo pa kusowa amayamba ndi matope. Munthu amene waika ndowa pansi pa mpopi 2 koloko usiku sangaganize za msonkhano wa bodi umene unachitika zaka ziwiri zapitazo, koma nthawi zambiri ulusi wake umafika kumeneko.

Kukonza kukadulidwa dzenje n'kukhalapobe, kampani imayamba kubwereka kwa amene sangakuwe msanga. Imachedwetsa bilu ya magetsi, ndiye ESCOM nayo imachedwa kulipira EGENCO, imene kuyambira 2017 ndiyo imapanga magetsi ambiri payokha. Imadula msonkho ndi penshoni pa malipiro a antchito koma osazipereka kumene zikuyenera kupita. Imatenga ngongole yodula ya kubanki kuti ilipire malipiro. Mapeto ake boma limadzalipira zonsezi pakamodzi, ndi chiwongoladzanja, kuchokera ku msonkho womwe uja unkapewedwa. Ndipo mtengo ukadzaloledwa kukwera, umakwera kwambiri nthawi imodzi m'malo mokwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka, anthu n'kukwiya ndi kampani.

ADMARC ndi chitsanzo chenicheni cha ntchito ziwiri m'thumba limodzi. Inasandutsidwa kampani yoyenera kudziyendetsa ngati bizinesi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, koma inkayembekezeredwabe kusunga misika ya kumidzi yosapindulitsa, kugula chimanga pa mtengo wolengezedwa ndi boma, ndi kugulitsa motchipa pa nthawi ya njala. Ndalama zogulira mbewu zikabwera mochedwa, mavenda amakhala atagula kale kwa alimi pa mtengo wotsika. Popeza ntchito yothandiza anthu ndi ntchito yamalonda sizinkawerengeredwa padera momveka bwino, kunali kovuta kudziwa kuti kutayika kwa ndalama kwachokera ku chifundo, ku ulesi, kapena ku kuba. Mu 2022 boma linaimitsa ntchito za kampaniyi ndi kuchotsa antchito ake kuti liikonzenso. Phunziro la akatswiri pa nkhaniyi ndi lakuti pamene lamulo la boma silinaikidwe mtengo, bwana wosakaza amabisala kumbuyo kwake, ndipo bwana wabwino alibe chodzitetezera.

Tsopano funso n'lakuti, bwanji mamembala a bodi sanena kuti tipatseni kalata? Yankho lili m'mene analowera ndi m'mene angatulukire. Mamembala a mabodi ambiri amalengezedwa kuchokera ku Ofesi ya Pulezidenti ndi Nduna, ndipo mipandoyi kawirikawiri siilengezedwa m'nyuzipepala kuti odziwa ntchito afunsire. M'mabungwe ena, monga loyang'anira mawailesi ndi mafoni la MACRA, lamulo limafuna kuti komiti ya Nyumba ya Malamulo ivomereze mayinawo, koma si onse ali choncho. Munthu amene walowa chifukwa anathandiza pa kampeni amadziwa amene wamuika. Amadziwanso kuti alawansi ya msonkhano, mafuta a galimoto ndi maulendo zingathe ndi chilengezo chimodzi cha pa wailesi. Mu Juni 2020, boma latsopano litangolowa, mabodi a mabungwe a boma oposa 60 anathetsedwa pakamodzi, ndipo atsopano analengezedwa mu Sepitembala. Mndandandawo unadzudzulidwa chifukwa amayi anali ochepa, pamene lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limati polemba anthu m'ntchito za boma mbali iliyonse isachepere 40 peresenti kapena kupitirira 60. Kusintha mabodi boma likasintha sikunayambe chaka chimenecho, ndipo si khalidwe la chipani chimodzi.

Kuthetsa bodi yonse tsiku limodzi kuli ndi zoipa ziwiri zimene anthu saziona. Pa miyezi imene kulibe bodi, palibe wovomereza bajeti, wosainira mabuku a chaka, kapena wofunsa oyendetsa kampani mafunso, ndipo zosankha zazikulu zimapita molunjika ku unduna. Kenako obwerawo onse ndi alendo. Munthu wanzeru bwanji amafunika misonkhano itatu kapena inayi, ndiye kuti pafupifupi chaka, kuti amvetse ngongole za kampani, makontilakiti ake ndi milandu imene ili kukhoti. Palibe wotsala wa bodi yakale woti anene kuti nkhani iyi tinaikana chaka chatha pa chifukwa chakuti. Mankhwala ake ndi odziwika ndipo safuna ndalama: nthawi za mamembala zizitha mosinthana, mwachitsanzo atatu chaka chino, atatu chaka chamawa, ndipo membala azichotsedwa pokhapokha pa zifukwa zolembedwa m'lamulo, monga kujomba misonkhano, kubisa phindu lake pa nkhani ya kampani, kapena kupezeka wolakwa kukhoti. Kuwonjezera apo, lamulo lizinena luso lofunika pa tebulopo. Bodi ya madzi yopanda injiniya ndi wowerengera ndalama wovomerezeka singathe kutsutsa pepala lililonse limene yapatsidwa, ngakhale mamembala ake atakhala oona mtima chotani.

Khomo lalikulu kwambiri la kulowerera ndi mpando wa bwana wamkulu. Mwa dongosolo, ntchitoyo imalengezedwa, zofunika monga maphunziro ndi zaka za luntha zimalembedwa poyera, komiti ya bodi imasankha oyenera kuyesedwa, imawafunsa mafunso n'kupereka malikisi, ndipo bodi yonse imatumiza mayina a opambana kwa ovomereza. Zikapotozedwa, mudzaona chimodzi mwa izi: zofunika zija zasinthidwa kuti zikwane munthu mmodzi, wachitatu pa malikisi ndiye watengedwa popanda chifukwa cholembedwa, kapena munthu wangotumizidwa osafunsidwa n'komwe. Ofesi ya Ombudsimani yafufuzapo nkhani zotere m'mabungwe angapo a boma, ndipo mu 2021 inagamula kuti kulembedwa kwa mkulu wa MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, sikunatsate dongosolo. Choopsa chake n'chakuti bwana amene sanaikidwe ndi bodi saopa bodi. Akafunsidwa za ndalama amadziwa kuti foni yake imafika kumene ya tcheyamani siifika. Njira ina yofanana nayo ndi kusiya munthu akungogwirizira mpando kwa chaka kapena ziwiri. Wogwirizira angabwezedwe pa mpando wake wakale ndi kalata ya mizere iwiri, choncho sakana kanthu. Ndipo bwana akachotsedwa kontilakiti yake isanathe popanda kutsata dongosolo, amapita kukhoti, kampani n'kulipira mabwana awiri pa mpando umodzi.

Pa nkhani ya tenda, ndiye kuti kagulidwe ka katundu wa kampani, ndingonena mwachidule. Lamulo limapereka ntchitoyi kwa komiti ya m'kati mwa kampani, moyang'aniridwa ndi PPDA, bungwe loona za kagulidwe ka katundu m'boma, ndipo kugula kwa munthu mmodzi popanda mpikisano kumaloledwa pa zifukwa zochepa, monga ngozi yeniyeni. Chinyengo chofala ndi kupanga ngozi dala: mankhwala amadziwika kuti atha mu Ogasiti, koma palibe akulengeza tenda mpaka Julayi, kenako n'kunena kuti nthawi yatha, tigule kwa wakuti. China ndi kugawa katundu mmodzi m'tizigawo ting'onoting'ono kuti aliyense asafike pa mlingo wofuna chilolezo chapamwamba. Chachitatu chimaoneka mukalowa m'sitolo ya kampani: mashelefu odzaza ndi zipangizo zimene amisiri sanapemphe, zina zosakwana pa makina alionse, pamene cholumikizira paipi chimene akufuna tsiku lililonse kulibe. Komiti ya bodi yofufuza mabuku imagwira zoterezi ngati odita wa m'kati amapereka lipoti kwa iyo mwachindunji. Akamadzera kwa bwana wamkulu amene akumufufuzayo, lipoti limafika litachapidwa.

Membala amene akufuna kugwira ntchito yake ali ndi zida, ngakhale m'dongosolo la lero. Lamulo la pakamwa likafika, apemphe kuti lilembedwe, ndipo ngati wolamulayo sakufuna kulemba, bodi ilembe yokha kalata yonena kuti talandira malangizo akuti pa tsiku lakuti, mtengo wake ndi wakuti, tikupempha chitsimikizo. Malangizo ambiri oipa amafera pomwepa, chifukwa mwini wake safuna dzina lake papepala. Ngati anzake avomereza chinthu chosemphana ndi lamulo, anene kuti kukana kwake kulembedwe m'maminitsi ndi dzina lake, ndipo pa msonkhano wotsatira aonetsetse kuti kwalembedwadi asanavomereze maminitsiwo. Ngati nkhani ikukhudza kampani yake kapena ya m'bale wake, aulule n'kutuluka m'chipindamo. Zimenezi zimamutetezanso iye mwini, chifukwa ofufuza a ACB kapena komiti ya aphungu akadzabwera, amene anaimba foni sadzapezeka m'failo.

Inuyo, Mayi, muli panja pa chipinda cha bodi, koma zina mungathe kuziona. Funsani kuti mabuku ofufuzidwa ndi maodita omalizira ndi a chaka chiti. Kampani yoyenda bwino imakhala nawo patangopita miyezi yochepa chaka chake cha ndalama chitatha, ndipo imene yatsalira zaka ziwiri ili ndi bodi imene ikuyendetsa galimoto usiku popanda nyali. Funsani kuti maofesi a boma ali ndi ngongole ya ndalama zingati ku kampaniyo, ndipo yakula kapena yachepa poyerekeza ndi chaka chatha. Funsani kuti pa malita 100 alionse opopedwa, angati amalipiridwa. Onani ngati chiwerengero cha antchito chikukula msanga kuposa cha makasitomala, makamaka chaka cha chisankho. Onaninso ngati galimoto za kampani zikupezeka pa misonkhano ya chipani. Mu 2017 mabungwe omenyera ufulu anapita kukhoti pa nkhani ya ndalama zimene mabungwe ena a boma anapereka ku phwando losonkhetsa ndalama la chipani cholamula, ndipo mfundo yawo inali yomweyi, kuti ndalama ya bilu yanu si ya chipani.

Mafunso amenewa muli ndi ufulu wowafunsa polemba. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, ndipo bungwe lililonse la boma limayenera kukhala ndi ofisala wolandira mapempho otere. Lembani kalata yaifupi, funso limodzi kapena awiri omveka bwino, ikani deti, ndipo sungani kope lodindidwa pamene mwapereka. Kalata yochokera ku komiti ya msika kapena ya chitukuko cha dera lanu imalemera kuposa ya munthu mmodzi. Akapanda kuyankha, mumayamba mwapempha bungwe lomwelo kuti liionenso nkhaniyo, ndipo zikakanika dandaulo limapita ku bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC, limene lamulolo linalipatsa udindo woyang'anira nkhaniyi. Kope lina perekani kwa phungu wanu, chifukwa makomiti a Nyumba ya Malamulo ali ndi mphamvu yoitanitsa tcheyamani wa bodi ndi bwana wamkulu kuti adzayankhe pamaso pawo.